Ndinamulembera meseji yopyola malire, ndipepese bwanji?

Adimini ndibiseni dzina chonde. Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ku Area 49 ku Lilongwe. Mnzanga amene ndinaphunzira naye akukwatira mwezi wamawa nde ndili mu komiti ya ukwati. Msungichuma wathu ndi mtsikana wa kuchikazi, msuweni wa mkwatibwi, ndipo nambala yake ndinayitenga pa gulupu ya WhatsApp ya komitiyo chifukwa ndi kumene timatumiza zopereka pa Airtel Money. Tinayamba kucheza pang'onopang'ono, za misonkhano, za mtengo wa holo, pena kuseka za anthu olonjeza ndalama koma osapereka, mwina kwa milungu itatu, ndipo amayankha bwinobwino moti ine ndinaganiza kuti mwina pali kanthu.

Lolemba anayika sitetasi atavala diresi lomwe asoketsa la paukwatipo. Ine cha m'ma 11 koloko usiku ndinayankha pa chithunzipo kuti "eish iwe, thupi ilitu ndi lochimwitsa, lero sindigona" ndi kuyikanso timaimoji ta moto. M'mawa ndinapeza wayankha kuti "Achimwene, nambala yangayi ndinayika pa gulupu chifukwa cha zopereka. Zoterezi ayi." Ndinabalalika, ndinalemba kuti "kkkk ndimangocheza inu", sanayankhe, kenako ndinafufuta mameseji onse awiri ndi Delete for everyone. Lero ndi Lachinayi. Loweruka tili ndi msonkhano wa komiti ndipo ndatsala ndi K20,000 yoti ndimalize kupereka kudzera kwa iye yemweyo. Zikundipweteka chifukwa ndi munthu waulemu ndipo sanandilakwire chilichonse. Ndimulembere, ndimuimbire, kapena ndidikire Loweruka? Ndinene chani kwenikweni?

Nachisale wa ku Zomba: Achimwene, ndiyambe ndi pomwe mwina simunapaone. Milungu itatu yonseyo mumamutchula kuti inu, eti? Nde usiku umodzi mwangodumphira pa iwe, komanso pa thupi lake, nthawi yoti munthu ali pabedi. Mukanati diresi lakukhalani, akanangoti zikomo nkhani n'kutha. Iye atakuyankhani anayamba ndi mawu oti achimwene, ndipo ameneyo ndi mpanda, amakubwezerani pamalo panu mwaulemu. Chachiwiri, "ndimangocheza" uja anawonjezera bala, chifukwa kwa iye zikumveka ngati mukuti ndi iye amene sadziwa nthabwala. Ndiye muli ndi zopepesa ziwiri, meseji yoyambayo ndi kkkk uja.

Mfana wa ku Ndirande: Aise usapepese, ukapepesa uoneka ofooka. Mkazi savomera tsiku loyamba, amayamba wavuta kaye. Ingokhala phee sabata imodzi kenako uponyenso Chichewa chabwino.

Nachisale wa ku Zomba: Mfana wa ku Ndirande, wovuta kaye samakuuza chifukwa chomwe anaperekera nambala. Uyu wanena poyera kuti nambala ndi ya zopereka, palibe chobisika pamenepo.

Mayi a mapasa: Ine ndikuti mulembere, osamuimbira. Foni ikalira ndiye kuti ayankhe pompopompo, alibe nthawi yoganiza, ndipo ambiri ife timangoti "palibe vuto" kuti foni idulidwe pomwe mumtima muli vuto. Voyisi nayonso ayi, munthu amaopa kuyitsegula posadziwa kuti muli zotani, makamaka yochokera kwa amene wangomulembera za thupi lake. Meseji yolemba amayiwerenga nthawi yomwe wafuna. Mutumize masana, kaya 10 koloko m'mawa kaya nthawi ya nkhomaliro, osati usiku ngati ija. Ndipo ikhale imodzi yokha, osati tizidutswa folo totsatizana foni n'kumangolira kuntchito kwake.

Wofunsa: Mayi a mapasa zikomo. Ndalemba iyi koma sindinatumize, tandionereni: "Pepani ngati ndinakukhumudwitsani, sichinali cholinga changa, kungoti ndinu okongola kwambiri ndinalephera kudzigwira komanso ndinali nditamwa pang'ono. Chonde mundikhululukire, tikadali mabwenzi eti?"

Mayi a mapasa: Mwachita bwino osatumiza. Chotsani "ngati", chifukwa anakuuzani kale kuti sizinamusangalatse, ndiye mukati ngati muli ngati simunamve zomwe ananena. Za kukongolazo chotsaninso, kumeneko ndi kufunsiranso kachiwiri mutabisala mkupepesa, komanso mukumusenzetsa mlandu kuti kukongola kwake ndi kumene kunakulakwitsani. Mowa musautchule olo zili zoona, angoganiza kuti pa phwando la ukwati mukamwanso zibwerezeka. Ndipo funso la kumapetolo ndi ngongole, mukumupatsa ntchito yoti akutonthozeni inuyo. Ikanakhala yanga ndikanalemba chonchi:

"Mwaswera bwanji achemwali. Ndikupepesa chifukwa cha meseji imene ndinakulemberani Lolemba usiku pa chithunzi chanu, inali yopanda ulemu. Ndinalakwitsanso kunena kuti ndimangocheza m'malo mopepesa. Ndamva zomwe munanena ndipo sizichitikanso, nambala yanu ndiziyigwiritsa ntchito pa za komiti basi. Musavutike kuyankha."

Basi, yathera pomwepo. Imoji ayi, ngakhale ya manja opempha ija.

Bambo wa ku Kasungu: Ine ndikusiyana nanu pang'ono amayi. Kwathu kuno munthu ukalakwa umapepesa pamaso, meseji ndi yophweka, aliyense atha kulemba ali gone. Loweruka apite msanga, amupatse moni, amuuze kuti mayi ndinalakwa. Kapena atume mkwatiyo akamupepesere, ndi mnzake.

Mayi a mapasa: Bambo, za pamaso ndikuzimva, koma taganizani mtsikanayo ali ndi kope la ndalama m'manja, azakhali ake ali pomwepo, mnyamata n'kumukokera pambali. Anthu afunsa kuti mumakambirana chani. Kutuma mkwati ndiye ayi ndithu, panopa nkhaniyi akuyidziwa anthu awiri, mkwati akamva auza mkwatibwi, mawa lake akuchikazi onse amva, ndipo amene azilozedwa zala ndi mtsikanayo. Kulakwa kunachitikira mu inibokosi, kupepesa kupite komweko. Iye akafuna kuuza abale ake ndi ufulu wake.

Bambo wa ku Kasungu: Pa za mkwati mwandigonjetsa. Koma ndikuonabe kuti meseji payokha ndi yopepuka. Atumize, chabwino, koma mtsikanayo akadzayambitsa yekha nkhaniyi pamaso, mnyamata asadzathawe, adzanene ndi pakamwa pake.

Wa ku Joni: Man mukufufuta muja munaganiza kuti zatha? Delete for everyone imasiya chizindikiro choti This message was deleted, ndipo iye anali atawerenga kale mpaka kuyankha. Mwinanso anajambula sikirinishoti. Panopa mu chati mwake mwatsala yankho lake lokha pakati pa mameseji awiri ofufutidwa, zikuoneka ngati mumabisa umboni. Komanso chenjerani, ku Malawi kuli lamulo la 2016 la za pa intaneti, meseji ngati imeneyo mutha kumangidwa nayo.

Mlongo wa ku Mzuzu: Wa ku Joni, lamulolo lilipodi, koma tisamuopseze mopitirira. Pomwe zimafika poipa ndi pamene munthu wakuuza kuti siya iwe n'kumapitirizabe, kulemba mobwerezabwereza, kuimba, kusintha nambala atakubuloka. Ndiye chifukwa chake malangizo oti aponyenso Chichewa sabata yamawa ndi oopsa. Ngakhale kupepesa kumene, ukakutumiza kasanu kumasanduka kuvutitsa. Za kufufutazo mukunena zoona, ine ndikanawonjezera kachiganizo kamodzi koti "ndinafufuta chifukwa cha manyazi, osati pokana kuti ndinalemba."

Anaphiri: Koma inu anyamata kumalembera akazi a eni usiku, mwamuna wake akanaona foniyo bwenzi pano tikukamba zina. Kapepeseni kwa bambo akunyumbako.

Wofunsa: Anaphiri, mtsikanayu sali pabanja, mwina simunawerenge bwino. Ndi msuweni wa mkwatibwi.

Anaphiri: Oho pepani. Komabe olo ali yekha ulemu ndi womwewo.

Mtsikana wa kwaya: Ine zinandichitikira koma mbali inayo, ndine ndinalemba. Mnyamata wa mu kwaya mwathu, ndinamulembera kuti mawu ake amandisowetsa tulo ndipo ndikufuna azindiimbira ndekha. Anangoyankha kuti "zikomo mlongo" basi. Ndinapepesa mawa lake, koma kulakwitsa kwanga kunali koti nditaona matiki asanduka abuluu iye osayankha, ndinalembanso kuti mwandikwiyira, kenako ndinamutumizira mayunitsi a K1,000 ati kufewetsa mtima. Anandibwezera mayunitsiwo ndipo anayamba kukhala mbali ina ku mapulakatisi. Anadzandiuza patapita miyezi kuti meseji yoyambayo sinamuvute kwenikweni, chinamutopetsa ndi zotsatirazo. Nde achimwene mukatumiza ikani foni pansi. Ndipo K20,000 ija mutumize ndendende, musawonjezere olo ya chodulira ngati simunkatero kale, angaone ngati mukugula chikhululuko.

Mlongo wa ku Mzuzu: Za ndalamazo, musaziphatikize ndi kupepesa mu meseji imodzi. Pepesani lero, ndalama mutumize mawa, ndipo umboni wake muyike pa gulupu monga amachitira ena onse, kuti asakakamizike kukuyankhani ku inibokosi. Loweruka pitani, mukajomba anthu adabwa ndipo iye aona ngati wakuthamangitsani. Moni wamba pagulu, khalani pomwe mumakhala nthawi zonse. Mudziwa mmene zilili poona iye, akakuyankhulani za komiti momasuka ndiye kuti mpweya wayamba kubwerera, akamakuzembani musamutsatire. Masitetasi ake muwasiye kaye, paja amaona mayina a onse amene atsegula.

Mfana wa ku Ndirande: Nde mukuti amutaye basi? Nanga ngati amamukondadi?

Nachisale wa ku Zomba: Akalonjeza kuti nambala ndi ya komiti basi, asunge zomwezo. Zikadzasintha, wozisintha adzakhale mtsikanayo.

Bambo wa ku Kasungu: Apo ine sindikudziwa, alipo anthu anayamba moipa chonchi pano ali pabanja. Koma si za mwezi uno.

Wofunsa: Ndatumiza 12 koloko, mawu a Mayi a mapasa aja ndi kachiganizo ka kufufuta kaja. Wawerenga cha m'ma 2 koloko. Wangoyankha kuti "Ndamva." Sindinalembenso kanthu ngakhale zala zikuyabwa. Kodi "ndamva" ameneyu ndiyankhe kuti zikomo kapena ndingosiya?

Mayi a mapasa: Siyani choncho. Munamuuza kuti asavutike kuyankha, wayankha mwa kufuna kwake, musamutsegulirenso ina.

Mlongo wa ku Mzuzu: Ine "zikomo" mmodzi sindikuona vuto, bola akhale yekhayo. Koma mukakayika tsatirani za amayiwa.