Za kuyesa mitengo kuja, nazi zomwe zatuluka

"Ndili ndi bizinesi yopereka mabokosi a ufa, nyemba ndi usipa mwezi ndi mwezi kuno ku Joni. Ndikufuna kuyesa R350 ndi R420 kwa olembetsa atsopano okha, ndiyese nthawi yaitali bwanji, nanga ndiziyang'ana chani?"

Ndabweranso abale, papita miyezi 3 tsopano chifunsireni funso langa lili pamwambali. Poyamba ndinalakwitsa, a ku Randburg ndimawapatsa mtengo wokwera, a ku Hillbrow wotsika, apo ndiye kuti ndimayesa madera osati mitengo. Ndinayambiranso mosinthanasinthana, woyamba kufunsa pa WhatsApp R350, wachiwiri R420, choncho mpaka gulu lililonse linakwana anthu 100.

Mwezi woyamba wokha ukanandinamiza heavy ayi ndithu. Pa R350 analembetsa 30, pa R420 analembetsa 22, ndinatsala pang'ono kunena kuti wotchipa wawina. Koma bokosi limandidyera R290 kuphatikiza transipoti, ndiye phindu ndi R60 uku, R130 uko. Mwezi wachiwiri analipiranso 24 ndi 18, wachitatu 21 ndi 16. Miyezi itatu yonse pamodzi, mabokosi 75 pa R60 ndi R4,500, pomwe 56 pa R130 ndi R7,280.

Ndiye chowerengera ndi phindu pa anthu 100 onse omwe anauzidwa mtengo, ndi okana omwe, osati ovomera okha. Komanso dikirani malipiro atatu chifukwa anthu amasiya ikakwana nthawi ya renti, ndipo Disembala mupewe, ambiri amakhala apita kumudzi.

Anthu 100 ndi ochepa, kusiyana kwa 30 ndi 22 kutha kukhala mwayi chabe, koma phindu latalikirana kwambiri moti atsopano onse ndawaika pa R420. Akale sindinawakhudze.