Kalata ya mnyamata pa nkhani ya magemu

Mayi ake: Abale, ndalemba kalata yoti tigwirizane ndi mwana wanu uja za magemu. Tchuthi chino akhala kwa azakhali ake, ndiye tonse tiidziwe, asamapeze lamulo lina kuno lina uko. Nayi:

"Mwana wanga, Minecraft ndi Fortnite uzisewera. GTA V ayi, ndi ya a zaka 18, iwe uli ndi 14. Masiku a sukulu ndi ola limodzi ukamaliza homuweki, Loweruka ndi Lamlungu maola awiri. Ikakwana 9 koloko usiku foni izigona pabalaza. Ukafuna gemu yatsopano, tiziyamba taiona limodzi."

Agogo: Zaka 18 zo mwaziona pati?

Malume: Zimalembedwa pa gemu pomwepo, amayi. Pamakhala chizindikiro cha PEGI ndi nambala: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Minecraft ndi 7, Fortnite ndi 12. Nambalayo imanena za zimene zili mkatimo, monga chiwawa ndi kutukwana, osati kuvuta kwa gemuyo.

Malume: Koma achemwali, pa ola limodzipo mudzakangana. Minecraft akamasewera yekha angathe kuimitsa nthawi iliyonse. Fortnite siimitsika, chifukwa amasewera ndi anthu ena pa intaneti, ndipo mpikisano umodzi umatha kufika mphindi 20 kapena kupitirira akapanda kufa msanga. Akayamba wina patatsala mphindi zisanu, mudzaitana, iye "ndikubwera", inu muziti ndi mwano. Chonsecho akatuluka pakati wasiya anzake a timu ali ochepa.

Mayi ake: Nanga si ndaika Family Link, pulogalamu ya makolo yoikira malire a nthawi pa foni, nthawi ikakwana imatseka yokha?

Malume: Imatsekadi, koma siidziwa kuti ali pakati pa mpikisano. Ndiye mkwiyo wonse udzathera pa inu. Lembani kuti patatsala mphindi 25 asayambe wina. Akayamba 6 koloko, womaliza auyambe isanakwane 6:35. Mphindi zotsalazo angathe kumalizira pa Minecraft.

Azakhali: Ine ndingofunsa, kuonera anzake akusewera pa YouTube kukuwerengedwa? Kwathu kuno ndi kumene nthawi imathera.

Bambo ake: Kuwerengedwe mu ola lomwelo. Tiwonjezerenso kuti asagule kanthu m'gemu osatifunsa, ndipo pa maikolofoni azilankhula ndi okhawo amene amawadziwa maso ndi maso.

Agogo: Mwanayo mwamufunsa? Mukuti mugwirizane, koma ndikumva mawu anu okhaokha.

Mayi ake: Aiwerenga madzulo ano, amayi. Ndamusiyira malo m'munsi alembe zomwe sakugwirizana nazo. Ndikudziwa kale kuti apempha maola atatu Loweruka.

Bambo ake: Amenewo tingamupatse. La 9 koloko lokha lisasunthe.

Azakhali: Nanga masiku a tchuthi tiziwerenga ngati Loweruka? Mulembemo, ndisadzakhale woipa ine.

Mayi ake: Maola awiri patsiku, alamu. Akasaina nditumiza chithunzi chake pompano.