Gulu la Banki M'khonde: za K70,000 yotsala ndi chindapusa

Mlembi: Amayi ndi abambo, nkhani ya dzulo sinathe. Anaphiri anatenga K150,000, ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti amayenera kubweza K180,000. Abweretsa K110,000. Yotsala K70,000, komanso chindapusa K5,000.

Anaphiri: Sindikukana ngongole. Ndikupempha mwezi wina, ndipo chindapusacho mundikhululukire. Golosale sikupindula, ndalama zimangosungunuka m'manja.

Anabanda: Ine mu Juni ndinachedwa masiku atatu okha, ndinalipira. Nanga malamulo ali ndi nkhope?

Msungichuma: Dikirani kaye Anabanda. Anaphiri, mumagulitsa zingati pa tsiku?

Anaphiri: Cha m'ma K25,000. Lamulungu sinditsegula.

Msungichuma: Masiku 26, ndiye K650,000. Ndinaona kope lanu loodera katundu, pa K100 iliyonse yomwe mwagulitsa phindu ndi pafupifupi K15. Imeneyo ndi K97,500. Lendi K20,000, kabaza wokatenga katundu maulendo anayi K16,000, magetsi K6,000. Ikutsala K55,500. Ndiye golosale ikupindula ndithu. Nanga m'kabokosi mumatapamo zingati?

Anaphiri: Zandiwo basi ndi makala. K3,000 pa tsiku, mwina.

Make Tadala: Pepani achemwali, ndimakhala nanu moyandikana. Shuga, sopo ndi mafuta ophikira ana amadzatenga pa shelefu. Ine sindikunena moipa ayi.

Anaphiri: Zoona, amatenga. Mwina za K20,000 pa mwezi. Koma si zanga zomwe?

Msungichuma: Phindu ndiye lanu, mpamba ndi wa golosale, ndipo mwezi uno gawo lina la mpambawo ndi lathu. Zandiwo mumatenga masiku 30, ndiye K90,000. Kuphatikiza za pa shelefu, K110,000. Golosale yabala K55,500, tikachotsa chiwongoladzanja K30,000 ndi K25,500 yokha. Mwadya mpamba K84,500 osadziwa. Mukanapanda kutero K70,000 bwenzi ilipo. Chizindikiro chake nchakuti makasitomala akubwera ngati kale, koma kumene munkaoda mabelo awiri a shuga pano mukuoda limodzi. Chofunika apa ndi chakuti golosale izilipira malipiro okhazikika.

Anaphiri: Limodzi ndithu. Ndimayesa ndi kukwera kwa mitengo.

Abambo Mwale: Ndiye mukuti alembe wantchito wa malipiro? Ndalama yake aitenga kuti?

Msungichuma: Ayi abambo, wolandira malipiroyo ndi iwo eni. Adziikire ndalama imodzi pa mwezi, yochepera pa zimene zimatsala. Ine ndikanati K40,000 ngongole ikatha. K15,500 inayo ikhale ya golosale. Akafuna sopo, agule ngati kasitomala, ndalama ilowe m'kabokosi.

Anabanda: Ine ndimangotenga K10 pa K100 iliyonse ndagulitsa zitumbuwa. Zosavuta, palibe zowerengera lendi.

Msungichuma: Ubwino wake muli ndi malire, ndipo zitumbuwa phindu lake ndi lalikulu. Koma kwa Anaphiri imeneyo ndi K65,000, yapitirira kale K55,500. Muyeso uchokere pa zotsala, ndipo aone miyezi itatu, atenge mwezi umene unavuta kwambiri.

Make Tadala: Pa mwezi sizingatheke. Ine ndinayesapo, pofika pa 12 zinali zitatha, ndinabwerera m'kabokosi. Pano ndimadzilipira Loweruka lililonse, ndimaika ku Airtel Money kuti zisasakanikirane.

Msungichuma: Imeneyo ndi nzeru. K10,000 Loweruka lililonse, koma mwezi wa Maloweruka asanu asamale. Pakutha pa mwezi awerenge katundu wa pa shelefu, mabelo ndi makatoni, osangoti makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndinkaona ndalama zambiri m'kabokosi, kupita kokaoda ndikubwera ndi katundu wochepa.

Anaphiri: Ndamva zonse. Koma pakhomo pakudya K110,000, inu mukuti K40,000. Ana anayi. Bambo awo maganyu ndi apo ndi apo, nawonso amabwera kudzatapa ya mayunitsi. Ndiwakaniza bwanji, poti khomo la golosale anakhoma ndi iwo?

Make Tadala: Apa ndiye povuta. Kwathu zinatheka nditawaonetsa kope, osati pakamwa.

Wapampando: Maganizo anga ndi awa. Chindapusa alipire, Anabanda akunena zoona. K70,000 tiwapatse mwezi umodzi, chiwongoladzanja K14,000 monga mwa malamulo athu. Ngongole ina asatenge mpaka atationetsa kope la malipiro awo la miyezi iwiri.

Abambo Mwale: Ziwiri zoyambazo ndavomera. Koma za kuona kope la bizinesi ya munthu mulibe m'malamulo amene tinasainira. Lero Anaphiri, mawa mudzafuna langa.

Anabanda: Ndalama ndi zathu tonse, ndipo Disembala tigawana chiyani zikathera ku ndiwo?

Anaphiri: Kope ndiwaonetsa amsungichuma okha, mwa kufuna kwanga. Koma K40,000 sindikulonjeza. Ndiyamba ndi K60,000.

Msungichuma: K60,000 ikuposabe phindu ndi K4,500, ndipo mwezi uno muli ndi K89,000 yoti mubweze. Bwerani Lachinayi ndi kope, tiwerengere limodzi katundu wa pa shelefu.

Mlembi: Za kope ndazilemba, tidzavota Lachiwiri pa msonkhano.