80F ndi 36F si chimodzimodzi? Kasitomala wandibwezera katundu

NaBanda (Limbe): Amayi ndithandizeni, mutu waima. Kasitomala wanga wa ku Mzuzu amavala 36F, makamisolo ake onse amamugulira mchemwali wake ku Joni. Ndatsegula belo Lolemba ndapezamo yabwino ya waya, sinavalidwe n'komwe, lebulo yalembedwa 80F basi. 80 ndi 36, izi tonse timadziwa. F ndi F. Ndinatumiza pa basi, lero akundiimbira kuti bandi ili bwinobwino koma kapu yachepa, mabere akusefukira pamwamba ndi m'khwapa, waya akukanda. Akufuna ndalama yake kapena ina. M'belomo mwatsala 80G, 80H ndi ina yongolembedwa 36G. Nditumize iti? Thiransipoti sindingalipirenso kachitatu.

Make Tadala: Pepani asisi. Belo munagula kuti, ndipo pano ikupita bwanji? Ine ya makamisolo ndikuisaka mwezi wonse.

NaPhiri (Lilongwe): Palibe chilembo chidzakuuzeni zoona pa kaunjika. Munthu abwere ayese. Ine pa benchi panga sinditumiza kamisolo kwa munthu amene sindinamuone.

NaBanda: A NaPhiri, munthu ali ku Mzuzu. Akwere basi kudzayesa kamisolo imodzi?

Mayi Gondwe: A NaBanda, pa bandi mwalondola, 80 ndi 36. Pa F ndiye pamene pasiyana. Zovala za ku Joni zambiri zimatsata mawerengedwe a ku UK, ndipo a ku UK amabwereza zilembo zina. Amati A, B, C, D, DD, E, F, FF, G, GG, H, HH, kenako J, chilembo I sachigwiritsa ntchito. A ku Jeremani ndi maiko ambiri a EU sabwereza, amangoti A, B, C, D, E, F, G, H kumapita.

Ndiye musamayang'ane chilembo, muziwerenga pa zala kuti chili pa nambala yanji. Kwa a UK, A ndi 1, D ndi 4, DD ndi 5, E ndi 6, F ndi 7. Kwa a EU, D ndi 4, E ndi 5, F ndi 6, G ndi 7. Kasitomala wanuyo amavala kapu ya nambala 7, inu mwamutumizira ya nambala 6. Pongowerenga zala, yake ndi 80G.

Make Chisomo: Eee n'chifukwa chake ma B ndi ma C sativutitsa eti?

Mayi Gondwe: Eya. Kuyambira A mpaka D onse amayendera limodzi, amapatukana akadutsa D. Ndipo mukamakwera kusiyana kumakula, chifukwa a UK amabwerezanso pa F ndi pa G. FF wa ku UK ndi H wa EU, G wa ku UK ndi nambala 9, amene kwa a EU ndi I.

NaBanda: Ndiye ndipakire 80G?

Mayi Gondwe: Dikirani kaye, pali china. Kapu imachokera pa kusiyana kwa muyezo wa pa mabere ndi wa bandi. A UK ndi a ku Amerika amakweza kapu pa inchi iliyonse, yomwe ndi masentimita 2.54. Pa tchati cha EU kapu imakwera pa masentimita 2 okha. Pa A ndi B simungaone kanthu, koma theka la sentimitalo likamaunjikana mpaka kapu ya nambala 7 limakwana pafupifupi masentimita 4.

Taonani pa munthu wanuyu. 36F pa mawerengedwe a UK ndi 36 kuphatikiza 7, mainchi 43 pa mabere, omwe ndi masentimita 109. Pa tchati cha EU, 80F ndi ya munthu wa 102 mpaka 104, 80G ndi 104 mpaka 106, 80H ndi 106 mpaka 108. Mwaona kuti imene munatumizayo inaperewera ndi masentimita 5 kapena kuposa, ndipo ngakhale 80G ikhoza kumuthina. Ine ndikanakhala inu ndikanayang'anitsitsa 80H.

A Mbewe (telala, Zomba): Mayi Gondwe, masamuwo ndi oona koma ndikutsutsani pang'ono. Ine ndimasoka madiresi a ukwati, makamisolo amadutsa m'manja mwanga ambiri. Pa malebulo olembedwa maiko angapo ndimaona UK 36F, EU 80G pa kansalu kamodzi. Kampani sisoka kamisolo ziwiri, imasoka imodzi n'kuipatsa maina awiri. Ngati 80G yanuyo inasokedwa pa pateni ya inchi, ndi 36F yeniyeni, ndipo 80H imukulira, kapu ichita makwinya pamwamba.

Mayi Gondwe: Zoona abambo, ikakhala ya lebulo ya maiko angapo mumangowerenga mzere wa UK, nkhani yatha. Koma a NaBanda akuti yawo yalembedwa 80F yokha. Imeneyo mwina inasokedwera msika wa komweko, ndiye simungadziwe kuti anatsata masentimita 2 kapena ayi.

NaPhiri: Si ndanena? Awiri odziwa akulephera kugwirizana. Munthu ayese basi.

Make Chisomo: Ine changa n'chosavuta. Ukaona nambala yaikulu umachotsa 15. Ndinaphunzira movutikira chaka chatha, mayi wina wonenepa ndithu anatola 90C pa mulu, anati ndi saizi yake, anakafika kunyumba ngowe zosakumana n'komwe. Anabwera ndi mwamuna wake pa msika kudzandizazira ngati ndaba.

Mayi Gondwe: Make Chisomo, kuchotsa 15 n'kwa zotsata mawerengedwe a ku Falansa ndi Sipeini zokha, osati nambala yaikulu iliyonse. 90 wa ku Falansa ndi 75 wa EU, ndiye 34 wa UK. Koma 90 wa EU ndi 40. Mayi wanuyo amavala 40, anatenga 34. Mukachotsa 15 pa 90 wa ku Jeremani mupatsa munthu wa 34 kamisolo ya 40. Yang'anani ngati pambali palembedwa FR kapena F, kapena muiyale pa tebulo muone kutalika kwake, 34 ndi 40 sizingakusokonezeni ndi maso.

A NaBanda, nanunso onetsetsani kuti 80 wanuyo si wa ku Falansa, ngakhale akanakhala wotero kasitomala akanadandaula bandi, chifukwa 80 wa kumeneko ndi 30 wa UK.

NaBanda: Bandi akuti ili bwino. Nanga 36G ija? Poti F yachepa, G si ndiye yotsatira?

A Mbewe: Imeneyo ndiye yoopsa kuposa zonse, musaitumize musanadziwe kwawo. A ku Amerika amati D, DD, DDD, kenako G, H. Ena m'malo mwa DDD amalemba F. Ndiye G wawo ndi nambala 7, wofanana ndi F wa UK. Ikakhala ya ku Amerika ndi saizi ya kasitomala wanu ndendende. Koma ikakhala ya UK, G ndi nambala 9, yadumpha F ndi FF, imukulira ndi makapu awiri. Zonse zimalembedwa 36G.

NaBanda: Ndiye ndidziwa bwanji? Palibe UK, palibe US, dzina la kampani linafufutika.

A Mbewe: Tembenuzani kansalu ka malangizo a kachapidwe. Mukaona zilembo RN zotsatana ndi manambala, imeneyo ndi nambala ya kalembera wa ku Amerika, ndiye kuti inapangidwira msika wa kumeneko. Si umboni wathunthu, poti makampani ena a ku UK amagulitsanso ku Amerika osasintha zilembo zawo, koma zimathandiza. Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi waya. Pezani 36F ya UK yodziwika bwino, ngakhale yobwereka kwa mnzanu wa benchi, mugundanitse mawaya ake ndi a zitatu zanuzo, pansi pa kapu ndi pansi pa kapu. Imene waya wake akugona mofanana m'lifupi ndi m'litali ndiye yoyandikira. Kenako muyeze ndi tepi kuya kwa kapu, kuchoka pa waya mbali ina kudutsa pa nsonga kukafika mbali inayo. Ziyerekezeni za bandi imodzi zokhazokha, chifukwa F wa pa 36 ndi wamkulu kuposa F wa pa 34.

Make Tadala: Zoona zimenezo? Ine ndimauza makasitomala kuti D ndi D, bandi ndi imene imasintha.

Mayi Gondwe: Ayi asisi, kapu imakula limodzi ndi bandi. Kapu ya 34D ndi yofanana ndi ya 36C komanso ya 32DD. N'chifukwa chake munthu akati bandi yathina koma kapu ili bwino, mukakweza bandi mumatsitsa chilembo kamodzi. Kwa a NaBanda zimenezi zikutanthauza kuti 38E ya UK ili ndi kapu yofanana ndi 36F, kungoti bandi ikhala yotayirira, ndipo ya kaunjika imakhala itatamuka kale. Kwa munthu wa mabere aakulu sindingalimbikitse, bandi ndi imene imanyamula katundu, ikatayirira imakwera kumsana, zingwe n'kumadula mapewa.

NaPhiri: Ndi zomwezo. Lasitiki wa kaunjika anatha kalekale, 36 inasanduka 38, lebulo sidziwa zimenezo. Muwerenge zala mpaka mawa, koma wosayesa adzabweza.

NaBanda: Imene ndinatumiza ija sinavalidwe amayi, ndanena kale. Vuto si lasitiki.

NaPhiri: Ngakhale yatsopano. Makampani awiri a dziko limodzi sasoka mofanana. Ina kapu yakuya, ina yosaya yotambalala, chilembo chomwecho.

A Mbewe: Pamenepo a NaPhiri sakunama. Ya siponji youmbidwa kale sikhululuka, ikaphonya pang'ono imaonekeratu pansi pa diresi. Yosokedwa ndi zidutswa zitatu imalolera. A NaBanda, 80G ndi 80H zanuzo ndi za mtundu uti?

Nangozo (Mzuzu): Ndalowa mochedwa. Chenjeraninso ndi zimene chilembo chimayamba kutsogolo, monga E75 kapena C70. Zimenezo ndi za ku Japani, zimabwera m'mabelo ena osakaniza. Iwo A wawo amayambira pa kusiyana kwa masentimita 10, pamene wa EU amayambira pa 12, ndiye zilembo zawo zimakhala patsogolo ndi chimodzi. E75 muziitenga ngati 34D, osati DD kapena E. Mtsikana wina kuno anagula C70 akunyada kuti wakula, ili B yeniyeni. Za pa msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam zolembedwa 36/80 nazo kapu zake ndimaziona zazing'ono, ine ndimayeza iliyonse ndisanaike pa mulu.

Make Chisomo: Nanga za 12C, 14D zija? Ndili nazo zisanu ndi imodzi palibe akuzifunsa, anthu amati ndi za ana.

Mayi Gondwe: Za ku Ositireliya zimenezo, bandi amaitchula ndi saizi ya diresi. 12 ndi 34, 14 ndi 36, 16 ndi 38. Zilembo zambiri zimatsata za UK, DD alipo. Lembani nambala ya UK pa kapepala mumatepo, zigulidwa.

A NaBanda, muuzeni kasitomalayo ayale 36F yake imene imamukwana bwino, ayeze ndi tepi kuchoka nsonga ina ya waya kufika inzake, komanso kuya kwa kapu monga anenera a Mbewe, akutumizireni chithunzi tepi ikuoneka. Inu muyeze zitatu zanuzo chimodzimodzi. Musamufunse muyezo wa thupi pa foni, aliyense amakoka tepi mwa iye yekha.

Nangozo: Kapena tumizani 80G ndi 80H zonse kwa ine, adzayesere pa shopu panga, yotsalayo ndikugulitsirani kuno. Ali dera liti, Chibavi kapena Katoto?

NaPhiri: Ehee, ayese. Ndi zimene ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa.

Make Tadala: A NaBanda simunandiyankhe za belo. Ndi ya makilogalamu angati, ndipo ma D kupita m'mwamba anatulukamo ambiri? Kwathu kuno amayi akufuna zazikuluzikulu, ma A angodzaza thumba.