Thandizeni: ndimulembere imelo kapena tikhale pansi kaye?

Moni nonse pagulu pano.

Ndimayang'anira anthu asanu, ndipo mmodzi wa iwo wandithetsa nzeru. Lipoti lake la pamwezi limayenera kufika pa 5, koma miyezi itatu yotsatizana lakhala likufika pa 9 kapena pa 10. Mwezi wathawu manambala a patsamba loyamba sanagwirizane ndi a m'tebulo lakumapeto, moti ndinakhala mpaka usiku ndikuwerengetsa ndekha.

Ndayankhula naye kawiri. Koyamba tinali chiimire pakhomo la ofesi, ndipo ndikuvomereza kuti ndinazungulira kwambiri, mwina iye anangoona ngati macheza. Kachiwiri tinakhala pansi, anapepesa, koma sitinalembe chilichonse. Pano akuti sakukumbukira kuti tinagwirizana tsiku.

Ndiye ndalemba imelo, ili pa Drafts masiku awiri tsopano. Ndatchula masiku atatu aja, tsamba lomwe linalakwika, ndi zomwe ndikufuna mwezi wamawa. Mawu oti "mumachedwa nthawi zonse" ndachotsa, chifukwa akanangondikumbutsa mwezi umodzi womwe sanachedwe. Komabe ndikaiwerenga ikumveka ngati kalata yochenjeza, pomwe sindinafike pamenepo. Imelo ilibe nkhope, ndipo munthu akhoza kuiwerenga kakhumi usiku ali yekha. Komanso pa ntchito zina mnyamatayu ndi wakhama ndithu.

Kodi nditumize imeloyi, kapena tikumane kaye kenako ndimulembere mwachidule zomwe tagwirizana? Nanga abwana anga ndiwaike pa Cc, kapena pamenepo nkhani ndaikulitsa kale?