Fayilo ya Excel yowerengera ndalama za ulimi pa K35,000, ndigule?

Mayi a Tadala: Abale, wina akugulitsa fayilo ya Excel pa K35,000, akuti imaonetsa ndalama zolowa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi. Ine ndimalima soya ndi chimanga ku Ekwendeni. Ndalama zimabwera Juni, pofika Januwale m'thumba muli mbee. Ndigule?

WakuChibavi: Musayerekeze mayi. Ine anandidyera K50,000. Fayilo yake inangogawa ndalama za chaka chonse pa miyezi 12 mofanana, ngati ndili pa salale. Ndikamuimbira sayankhanso.

Mfumu ya Fodya: Ine mabelo 40 chaka chino ku okushoni, zonse ndimasunga m'mutu. Excel imalima?

Mayi a Tadala: Zikomo bwana, koma ine sindilima fodya.

Agogo a ku Katoto: Mwanangu, chofunika ndi mizere inayi basi: zomwe wayamba nazo, zolowa, zotuluka, zotsala. Zotsala za mwezi uno ndizo zoyambira mwezi wamawa. Chaka chako chiyambire Juni pomwe wagulitsa, usayambire Januwale. Tinene kuti soya wakupatsa K1,800,000 kumapeto kwa Juni. Pakhomo pamapita K100,000 pamwezi, fizi ya Seputembala K250,000. Okutobala akamatha watsala ndi K1,150,000. Novembala feteleza ndi mbewu zikadya K1,050,000, kuwonjezapo K100,000 ya pakhomo, watsala wopanda kanthu. Koma Disembala kuli kubzala, Januwale kuli aganyu opalira ndi fizi inanso. Dzenje limenelo ukaliona ukadali mu Juni, umadziwa matumba angati a chimanga oti usunge mpaka Januwale. Ndipo ndalama uzilemba mwezi umene zafika m'manja. Wogula akatenga katundu Julayi n'kulipira Seputembala, ulembe Seputembala.

Mnyamata wa ku Luwinga: Zomwe anena agogozo pa foni ndi izi: B2 zoyamba nazo, B3 zolowa, B4 zotuluka, pa B5 mulembe `=B2+B3-B4`, kenako pa C2 mulembe `=B5` n'kukokera B5 ndi C2 kumanja. Google Sheets ndi yaulere. Ndipo fayilo yomweyo ine ndinaiona pa K20,000.

WakuChibavi: Yaulere bandulo akugulira ndani?

NyaBanki: Kope la sukulu ndi rula zakwana. K35,000 imeneyo kaponyeni masheya ku banki mkhonde, Disembala tikagawana mwapeza ya aganyu.

Mfumu ya Fodya: Kusunga chimanga ndi phindu nthawi zonse, mtengo wa Febuluwale umawirikiza kawiri.

Agogo a ku Katoto: Osati zaka zonse, bambo. Chaka cha zokolola zambiri mtengo umakwera pang'ono chabe, komanso matumba a PICS kapena mankhwala a anankafumbwe ndi ndalama zotuluka, zilembedwe Julayi. Mwanangu, werengera pa mtengo wotsika umene unagulitsapo. Feteleza umuikire mtengo wokwererapo kuposa wa lero.

Mayi a Tadala: Agogo, nanga chimanga chodya pakhomo ndichilembe pa zolowa?

Agogo a ku Katoto: Ayi, si ndalama. Chilembe patsamba lina, pa matumba.

Mnyamata wa ku Luwinga: Mayi mufunseni wogulitsayo ngati fayilo yake imalola kuyambira Juni. Akayankha mutiuze.

WakuChibavi: Mundipatse dzina lake kumbali, mwina ndi yemwe uja.