Pulogalamu yotembenuza zolemba za makina kuti zioneke za munthu: ndigule?

Wa ku Domwe: Pali wina ku Ulongwe akugulitsa pulogalamu, mametikali 500 pa mwezi kudzera pa M-Pesa. Akuti ulembetsa ChatGPT m'Chingerezi, iyo nkutembenuzira m'Chichewa, palibe angadziwe kuti ndi makina. Ndikufuna kapepala ka alimi a kachewere ku Tsangano. Ndigule?

Nachisale: Musayerekeze. Ine anandidyera 350, zomwe ndinalandira ngakhale mbuzi singadye.

Mphunzitsi Wopuma: Achimwene, makinawo amasintha mawu okha, mafupa a chiganizo amatsala a Chingerezi. Mukaona "feteleza amasewera gawo lalikulu" kapena "msonkhano udzatenga malo Lachiwiri", mwamugwira kale. Feteleza amasewera ndi ndani? Ife timati feteleza ndiye mwini nkhani, msonkhano udzachitika Lachiwiri. Pa kachewere wanuyo mpoopsa kwambiri. Chingerezi chikangotchula mbatata osanena mtundu, makina alemba "mbatata", mlimi nkumva ya kholowa, pomwe kadzalidwe kake nkosiyana. Nyengo yozizira ya azungu nthawi zina imatuluka "dzinja", chonsecho kwathu dzinja ndi mvula. Mwati adzale mu Juni, iye adikira Disembala.

Bwana Zobwe: Ine foni yanga ndi yodula, zimatuluka bwinobwino. Vuto ndi timafoni tanuto.

Nachisale: Foni ikukhudzana bwanji ndi galamala, aBwana?

Mphunzitsi Wopuma: China ndi ulemu. Chingerezi chili ndi liwu limodzi la iwe ndi inu, ndiye ndime yoyamba "dzala", yachiwiri "dzalani", kapepala kopita kwa anyakwawa. Onaninso kugwirizana kwa mawu. Chiganizo choyamba chikunena za chimanga, chachiwiri chayamba "imafunika madzi" m'malo mwa "chimafunika", chifukwa makina aiwala chomwe amanena. Werengani mokweza ndime ziwiri, lilime likapunthwa ndi pomwepo.

Kamnyamata ka Shapa: Mukulipiriranji? Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, yaulere, bola megabaiti a Movitel. Wogulitsayo mwina akungodutsitsa momwemo.

Wa ku Domwe: Nanga ndikakonza ndekha mawu olakwikawo?

Mphunzitsi Wopuma: Mawu mukonza, koma kayalidwe katsala. Ndime iliyonse yotalika mofanana, mfundo zitatuzitatu, poyambira "ndikofunika kudziwa kuti", kothera "pomaliza". Mulibe mbee, mulibe bii, masamba ofota ndi chiwawu sakuti lende. Kukonza tsamba limodzi lotere kumadya nthawi kuposa kulemba lanulanu.

Bwana Zobwe: Chichewa chake ncha ku Lilongwe basi, nchifukwa chake chikukuvutani kuno.

Mphunzitsi Wopuma: Pang'ono mwalasa, mawu athu ochokera ku Chipwitikizi sichiwadziwa. Koma "kusewera gawo" ngakhale ku Dedza aseka.

Nachisale: Ndipo si 500, dzulo amauza anthu 700.

Kamnyamata ka Shapa: Ndipatseni 200 ndikulembereni ine, ndinakulira m'munda wa kachewere.